Rauta ya kasitomala yakakamira pa 0.5 Mbps koma WhatsApp ikuthamanga, ndathedwa nzeru

Gift:
Akuluakulu ndithandizeni mutu waima. Pali shopu yosindikiza mapepala cha ku Ginnery Corner, ndinawaikira rauta ya 4G mwezi uno kumayambiriro, makompyuta atatu ndi DVR ya makamera, bandulo ya pamwezi ija amati yopanda malire. Masabata awiri oyamba sipidi inali 12 mpaka 15 Mbps aliyense akuseka. Kuyambira Lolemba ikungoonetsa 0.5, mmawa 0.5, masana 0.5, ndayesa fast.com ndayesa Speedtest chimodzimodzi. Ndazimitsa kuyatsa, ndaisuntha kuiika pawindo, ndaikhomera pa 4G only, palibe chasintha. Chikundiwawa nchakuti mayi eni shopu akutumiza mavidiyo pa WhatsApp pa Wi-Fi yomweyo akungopita ngati madzi, koma PDF ya 40 MB pa Gmail ikudya mphindi zoposa 10 kasitomala ataima pakauntala. Ndiye akuti ndinawagulitsa rauta yofoira ndiwabwezere ndalama zawo mawa.

A Phiri a ku Limbe:
Siginolo imeneyo mwana wanga. Nyumba za kumeneko nza konkire, ikani antena panja basi.

Gift:
Madala siginolo ili bwino, pa 192.168.8.1 RSRP ikuonetsa -84 dBm, SINR 16 dB

Thoko:
Achimwene musakwere padenga. Ndi manambala amenewo antena sikupatsani kanthu. Taonani mmene 0.5 yanuyo ikukhalira. Siginolo ikafooka kapena nsanja ikadzadza anthu, sipidi imavinavina, pano 3 kenako 0.8 kenako 6, ndipo imasiyana ndi nthawi, madzulo anthu akaweruka imagwa mmamawa imadzuka. Koma ikamayamba ngati ikwera kenako nkugona fulati pa nambala imodzimodzi tsiku lonse, ameneyo ndi munthu waimanga dala, mwadutsa FUP, malire a ma GB amene netiweki imaika pa bandulo. Yopanda malire ija tanthauzo lake sakudulani, koma mukamaliza ma GB amene anaika amakutsitsani sipidi mpaka bandulo ithe masiku ake. Lowani mu rauta pa Statistics muone yadya ma GB angati chiyambire, muonenso ma SMS a mu rauta momwemo chifukwa meseji yochenjeza imafikira pa simu khadi ili mkatimo ndipo palibe amene amaiwerenga.

Gift:
Nanga WhatsApp ikuthamangiranji ngati amanga laini yonse?

Thoko:
Ndi pamene ndikukayikira kuti pa laini imeneyo pali mabandulo awiri. Afunseni ngati wina sanagulirepo bandulo ya WhatsApp ndi Facebook ataona kuti zikuchedwa. Netiweki imasiyanitsa data poona komwe ikupita, dzina la seva ndi IP, ndiye ya WhatsApp imadulidwa ku thumba lake ndi malamulo ake, zina zonse zimapita ku thumba lalikulu lija lomwe lamangidwa. Ndinazionapo ku ofesi ina ku Namiwawa. Koma sindikuti paliponse zili choncho, pena akamanga amamanga laini yonse ndi WhatsApp yomwe, ndiye onani balansi kaye musanawauze mayiwo chilichonse.

Yami Ndirande:
Aise ngati social ikuthamanga ingoikani VPN pa makompyuta onse zonse zidutsire momwemo, ife mafoni timapanga choncho

Thoko:
Ayi Yami, VPN ikubisa komwe data ikupita, ndiye netiweki siionanso kuti ndi WhatsApp, zonse imaziwerengera ku bandulo yaikulu. Mumaliza kuchedwetsa ndi WhatsApp yomwe ikuyenda bwinoyo. Ndipo tima apu tobera tija musakaike pa kompyuta ya kasitomala yomwe anthu amalowerapo ma imelo awo, tsiku lina zikavuta dzina lotchulidwa ndi lanu.

A Phiri a ku Limbe:
Ine ntchito iyi ndinayamba nthawi ya ma dongo a 3G. Mavuto onse a sipidi amene ndakumana nawo antena inathetsa. Mabawa a siginolo angakunamizeni.

Bambo a Mphatso:
Za mabandulo ophatikiza zinandipwetekapo ine ku Chilomoni. Ndinagula ya usiku kuti ndidaunilode mafemuweya a mafoni, ndinasiya laputopu ikukoka ndikukagona. Kutacha ola la bandulo litadutsa fayilo inali isanathe, inangopitiriza kukoka pa bandulo ya masana, itatha imeneyo inalowa mmayunitsi mpaka ziro. Chiyambire pamenepo ndimaika alamu, ndimaimitsa kutatsala mphindi 15, ndipo sindiyambanso pa ola lenilenilo ndimadikira pang'ono nkuona balansi kuti ikudula kuti. China usiku sipidi imakoma ngakhale opanda bandulo ya usiku poti anthu agona nsanja yapepuka, ndiye osamafulumira kunena kuti bandulo ya usiku ndiyothamanga mwa iyo yokha.

Gift:
Ndafika pa shopu. Sisi Thoko mwalasa. Statistics ikuonetsa 96 GB pa masiku 17, mu inbox muli meseji ya Lamlungu usiku yosawerengedwa yonena za FUP. Ndipo mtsikana wa pakauntala wavomera kuti Lachiwiri anagula ya social ya sabata pa nambala ya rauta kuti maoda a pa WhatsApp asaime. Koma 96 GB shopu yosindikiza yadya bwanji abale

Thoko:
DVR. Ngati mayiwo amaonera makamera pafoni ali kunyumba, vidiyo imeneyo ikukwera kudzera pa rauta ndipo zokweza zimawerengedwa pamodzi ndi zotsitsa. Tiwerengere limodzi. Kamera imodzi pa 2 Mbps ndi pafupifupi 900 MB pa ola. Akaonera maola atatu madzulo aliwonse ndi 2.7 GB, masiku 17 ndi 46 GB, kamera imodzi yokha imeneyo. Onjezani Windows ikudzipanga apudeti pa makompyuta atatu, ndi mafoni a antchito ndi anzawo amene anapatsidwa pasiwedi. Mu apu ya makamera sinthani aonere pa Sub Stream osati Main Stream, pa makompyuta yatsani Metered connection pa Wi-Fi imeneyo, pasiwedi musinthe lero lomwe. Koma muwauze poyera kuti zimenezi zithandiza mwezi wamawa, sipidi ya lero sizibweza.

A Phiri a ku Limbe:
Antena muikebe. FUP ikatha mudzandiuza.

Mercy:
Gift samalani ndi nkhani yogula ina pamwamba. Ine ndinauza kasitomala ku Chirimba kuti agule bandulo yachiwiri yofanana kuti sipidi ibwerere, ndalama inapita, yatsopanoyo inangokhala pamzere kudikira yakale ithe masiku ndipo 0.5 inali pomwepo, ndinachita kubweza ya mthumba mwanga. Imbani kaye ku kasitoma keya mufunse kuti ikagulidwa ina iyamba kudulidwa ndi iti. Kapena yesani ndi kabandulo kakang'ono ka tsiku ka data wamba, mupange Speedtest, ikadumpha kubwerera ku 12 ndiye mwadziwa, komanso mayiwo aona ndi maso awo kuti rauta ilibe mlandu.

Bambo a Mphatso:
Speedtest yomweyo imadya data, pa sipidi yabwino kangapo kokha kabandulo kakang'ono katha. Kamodzi kokwana, mujambule sikirini.

Yami Ndirande:
Nanga kungochotsa simu khadi kuika ya laini ina mpaka mwezi uthe?

Mercy:
Ngati rauta ili yosakhoma zitheka, zambiri zogula ku netiweki zimakhala zokhoma. Gift yanuyo munaigula kuti? Ndipo ya social ya mtsikana uja ikutha liti, poti ikangotha WhatsApp nayo igwera mu 0.5 momwemo, mayiwo muwachenjezeretu asanakuimbireni okha.