Anthu akuthawa vidiyo yanga ya mandasi ndisanamalize n'komwe moni

Nabanda

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndayamba kujambula mavidiyo ophunzitsa kuphika anthu amene akungoyamba kumene, ndimaika pa Facebook ndi TikTok. Ya sabata yatha ndi ya mandasi, yotalika masekondi 50. Ndikaona mzere wosonyeza pamene anthu akusiyira kuonera, ukugwa pa sekondi yachiwiri, oposa theka amakhala atapita. Imayamba chonchi: ndaima patebulo, ndikunena kuti "Muli bwanji nonse, takulandiraninso kukhitchini kwathu, lero tiphunzira kukazinga mandasi," kenako ndikuonetsa ufa, shuga, yisiti ndi mafuta. Mandasi enieniwo amaoneka pa sekondi ya 40. Chikundiwawa n'choti m'katimo muli phunziro lenileni, chifukwa chake mandasi amafiira kunja m'kati asanapse. Ndikonze pati?

Mbwiye wa Zakudya

Achemwali, n'zosavuta. Tengani mbale ya mandasi opsa kale, ofiira bwino, muike koyambirira. Muikenso nyimbo imene yatchuka sabata ino. Ine ndimatero pa vidiyo iliyonse.

Mayi a Tadala

Mwana wanga, amenewo ndi mafuta kutenthetsa. Ndagulitsa mandasi pamsika zaka zambiri. Moto ukachuluka, kunja kumapsa msangamsanga kutentha kusanalowe m'kati. Musanaike onse, ponyani kachidutswa kakang'ono m'mafutamo. Kakamira n'kukhala pansi, mafuta sanatenthe, mandasi anu amwa mafuta. Kakayandama pakangopita kamphindi, kakuchita thovu m'mbali, ndiye bwino. Kakada nthawi yomweyo, phulani kaye poto kapena chotsaniko makala pambaula. Komanso musamaumbe akuluakulu kwambiri.

Nabanda

Zikomo amayi. Zimenezo n'zimene ndikuphunzitsa muvidiyomo. Vuto langa n'loti anthu sakufikako kumeneko.

Aphiri a Kamera

Mayi a Tadala ayankha funso lina, komabe akupatsani nyambo imene mukufuna. Ndibwererako.

Choyamba, dziyeseni nokha ndi wotchi ya pafoni. Nenani moni wanuyo monga mumanenera. Muona kuti masekondi atatu atha muli pa "kukhitchini kwathu", mawu oti mandasi musanawatchule. Mawu a Chichewa ndi aatali, m'masekondi atatu simungakwanitse ambiri, mwina asanu ndi awiri aafupiafupi. Tsono munthu amene chala chake chili kale pagalasi la foni waona mayi wosamudziwa, tebulo ndi khoma. Palibe chamuuza kuti vidiyoyi ikumukhudza.

Mbwiye akhoza theka, chakudya chioneke msanga. Koma mbale ya mandasi okongola aliyense akuiika, ndipo kwa wophunzira imangomuuza kuti inu mumatha. Iye dzulo lomweli wanyema mandasi ake n'kupeza ufa womata m'kati, ana asiya pambale. Muonetseni zimenezo, adzizindikira.

Ndikanakhala ine ndikanapanga chonchi. Kazingani dala mandasi awiri pamoto wambiri kuti alephereke. Ikani foni choimirira, pafupi ndithu, manja ndi mandasi zidzaze galasi lonse, nkhope isaoneke. Khalani pafupi ndi windo, kuwala kuchokere m'mbali, kuti kunyowa kwa m'katimo kuoneke. Chithunzi choyambirira penipeni chipeze zala zanu zitayamba kale kunyema, osati dzanja likupita kukatenga. Ambiri amataya sekondi yathunthu pamenepa, ndipo m'masekondi atatu imodzi ndi yambiri. Mu pulogalamu yodulira mavidiyo ya CapCut kokani vidiyo kufika pamene mandasi ayamba kung'ambika, dinani Split, chakumbuyocho mufufute.

Mawu ake akhale awa: "Kunja afiira, m'kati osapsa. Vuto ndi moto." Sekondi yoyamba mukunyema, yachiwiri mukukanikiza ufa womatawo ndi chala, yachitatu chithunzi chasintha, kachidutswa ka Mayi a Tadala kaja kakugwera m'mafuta, kakuti chwee. Apa ndi pamene mwamugwira, chifukwa waona vuto lake, wamva kuti lili ndi mankhwala, ndipo mankhwalawo ayamba kale kuoneka. Ufa ndi shuga zibwere pambuyo, aliyense amazidziwa maonekedwe ake.

Nyasulu ku Joni

Ndionjezereko zanga. Ondionera ambiri ndi anzathu ali kunoku, amaonera m'takisi kapena pa nthawi yopuma kuntchito, foni ili duu osamveka mawu. Pa Facebook paja vidiyo imatha kuyamba yokha mawu atazimitsidwa. Ndinapangapo ya futali, nyambo yonse inali m'mawu apakamwa, sinayende. Nditalemba mawu omwewo pachithunzi inasintha. Ndiye lembani, zilembo zikuluzikulu zoyera zokhala ndi mzere wakuda m'mbali, mawu anayi basi: "Kunja afiira, m'kati osapsa". Aoneke kuyambira pachiyambi penipeni, osati ochita kutuluka chilembo chimodzichimodzi. Musawaike pansi kapena chakumanja, kumeneko dzina lanu ndi mabatani a TikTok zimaphimba.

Mbwiye wa Zakudya

Ine ndikukayikabe, Aphiri. Kuyamba ndi chakudya cholephereka? Wina angoona ufa womatawo aziti mayiyu satha kuphika, n'kupitirira. Chakudya chimakopa ndi maso. Za nyimbo ndasintha maganizo, phokoso la mafuta limaposa.

Aphiri a Kamera

Nkhawa yanu ndi yomveka, achimwene. N'chifukwa chake mawu olembedwa ayenera kukhalapo, kuti adziwe kuti n'zadala, ndipo cholepherekacho chisakhalitse kupyola masekondi awiri. Pa vidiyo yongoonetsa chakudya chokoma, monga chambo chowotcha, njira yanuyo ndi yabwino. Iyi ndi yothetsa vuto.

Achemwali a Nabanda, musatikhulupirire tonsefe, yesani. Pangani mavidiyo awiri ofanana chilichonse, asiyane masekondi atatu oyamba okha: ina yoyamba ndi mbale yokongola, ina ndi kunyema. Muike masiku osiyana koma ola limodzimodzi. Musayang'ane chiwerengero cha oonera chokha. Pa Facebook munthu amawerengedwa kale kuti waonera, ngakhale achoke pakangopita masekondi ochepa. Yang'anani mzere uja. Ukagwabe pa sekondi yoyamba kapena yachiwiri, chithunzi choyamba sichinagwire. Ukadutsa yachitatu bwinobwino n'kudzagwa pa yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, nyambo yagwira koma mwachedwa kupereka chimene munalonjeza, mwina mwabwerera kukawerenga zipangizo. Ndipo kuyesa kamodzi kokha sikokwanira, mavidiyo amatha kuyenda mosiyana popanda chifukwa chooneka.

Mayi a Tadala

Koma kuyamba kuyankhula ndi anthu osawapatsa moni, ine sizikundikhalira bwino. Kwathu ngakhale wofulumira bwanji amayamba wafunsa mmene mwadzukira.

Nabanda

Amayi, chimenecho n'chimene chimandimanga inenso. Ndikachotsa moni ndimamva ngati ndalowa m'nyumba ya eni osaodira.

Nyasulu ku Joni

Ine sindinauchotse, ndinangousuntha. Ndimaupereka cha pa sekondi ya 8, manja akugwirabe ntchito, "moni nonse" basi, osaimitsa chithunzi. Ena amadandaulabe m'ndemanga kuti ndimathamanga.

Aphiri a Kamera

Pa vidiyo ya masekondi 50 ine ndikanausiyira m'mawu olemba pansi pa vidiyo. Koma ondilemba ntchito ena amakana, amati anthu awo amabwerera chifukwa cha moni womwewo. Pamenepo sindikakamiza.

Nabanda

Ndakanda kale ufa, ukufufuma. Ndikazinga awiri olakwitsa dala masana ano dzuwa likadali pawindo, ndijambule zoyambira zonse ziwiri. Moni ndiuika pamene ndikuchotsa makala pambaula. Aphiri, funso limodzi: ponyema paja ndichedwetse chithunzi kuti ufa womatawo uoneke bwino, kapena zidya nthawi?