Phewa logulukira kutsogolo: mafunso owonjezera

Wophunzira wina walemba kuti: "Zikomo chifukwa cha mafunso aja, koma pa zovuta zobwera phewa likaguluka simunatipatse kanthu."

Nawa mafunso awiri.

1. Mnyamata wa zaka 19 waguluka phewa pa mpira, ndipo khungu la kunja kwa mkono, m'munsi pang'ono mwa phewa, lachita dzanzi. Wavulala mtsempha uti?
A. Radiyo
B. Akizilari
C. Midiyani

Yankho ndi B. Mtsemphawu umazungulira khosi la fupa la mkono, choncho mutu wa fupalo ukatsetserekera kutsogolo ndi kumunsi, umaukoka. Umayendetsanso mnofu wa delitoidi, koma popeza ululu umalepheretsa kuyesa mphamvu, timakhudza khungulo tisanabwezeretse fupa, kenako tikamaliza. Radiyo ikavulala, dzanja limalendewera.

2. Mayi a zaka 60 anabwezeretsedwa phewa milungu itatu yapitayo. Khungu likumva bwino, ekisire ilibe vuto, koma akulephera kukweza mkono. Tikayikire chiyani?
A. Bala la Bankart
B. Bala la Hill-Sachs
C. Kung'ambika kwa minyewa yozungulira mfundo

Yankho ndi C, chifukwa kupitirira zaka 40 minyewayi imang'ambika mosavuta. Bankart amakopa ophunzira ambiri, koma vuto lake ndi kuguluka mobwerezabwereza, makamaka mwa achinyamata.