Ana akudzidzimuka Mvuu akavuuka: tikonze bwanji nthano yogonetsera ana?

Nangozo: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Tajambula nthano yogonetsera ana, ya Kalulu amene anapempha Mvuu kuti amuwolotse Shire cha kufupi ndi Malombe. Ndi ya mphindi 12. Wosimba ndi mayi mmodzi, Kalulu ndi Mvuu ndi anyamata awiri, ndipo pansi pa mawu taika mafunde amene tinakajambula ku Makawa. Tinatumizira amayi angapo kuti ayesere ana awo. Akuti mwana amayamba kuwodzera bwinobwino, koma ikafika pa 8:40, pamene Mvuu akuvuuka n'kufwenthera, amadzambatuka, wina mpaka analira. Ena akuti mafunde akuphimba mawu a mayi. Chonsecho m'mahedifoni mwanga zonse zikumveka bwino. Ndikusakanizira mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu.

Achisale: Zosavuta izo achemwali. Sankhani zonse, pitani pa Normalize, mawu afanana. Za mafundezo ikani Auto Duck, mayi akamalankhula mafunde azitsika okha. Ife pa malonda a pa wailesi timatero tsiku lililonse.

Che Bwanali: Anangozo, tisanapite patali, tiuzeni manambala. Pa mita ya Audacity mawu a mayi akumafika pati, Mvuu pati, mafunde pati?

Nangozo: Mayi akuzungulira pa -12 dB. Mvuu akufika -3. Mafunde ali cha pa -18.

Che Bwanali: Ndiye vuto lili poyera. Mvuu wakwera ndi 9 dB pamwamba pa mayi, ndipo khutu limamva zimenezo ngati phokoso lachuluka pafupifupi kawiri. Kumbukirani kuti kholo lakweza kale foni kuti mawu a mayi amveke pakati pa mafunde, ndiye Mvuu akabwera amabwera ndi voliyumu yonseyo, pafupi ndi khutu la mwana. Normalize ya Achisale siithandiza pamenepa. Ikagwira fayilo yosakaniza kale imakweza kapena kutsitsa chilichonse mofanana, mpata wa 9 dB uja umatsala momwemo. Muyenera kubwerera ku mizere yake payokhapayokha. Mvuu mutsitseni akhale pansi pa mayi, cha pa -18. Mafunde apite ku -30 kapena kutsikirapo. Mafunde ndi phokoso la "shhh" lomwe limakhala malo amodzi ndi s, sh, ts ndi ch za m'mawu athu, n'chifukwa chake pa kasipika ka foni amameza zilembo zimenezi msanga. Mahedifoni amakunamizani chifukwa amatulutsa zonse mokwanira, pamene foni imataya mawu a besi n'kusiya "shhh" yekhayo patsogolo.

Achisale: Nanga Auto Duck yalakwanji, Che Bwanali? Si yomweyo ntchito yake?

Che Bwanali: Pa malonda ndi yabwino, achimwene, chifukwa wolankhula sapuma. Mu nthano yogonetsa mayi amakhala chete masekondi atatu kapena anayi, ndipo nthawi iliyonse akatero mafunde amakwera, akayamba kulankhula amatsika. Mwana amamva nyanja ikungokwera ndi kutsika usiku wonse. Ikani mafunde pamlingo umodzi wotsika, ndipo mukafuna kuwasintha gwiritsani Envelope Tool pamanja, pang'onopang'ono.

Naphiri: Ine ndimaphunzitsa ku sukulu ya mkaka ku Namwera, za manambalazo sindizidziwa. Koma ndamvera, ndipo ngakhale Mvuu mumutsitse bwanji, pa mphindi ya 8 si malo ake. Pamenepo ndi pamene Kalulu ali pakati pa mtsinje, madzi akufika m'miyendo, mwana akufuna adziwe ngati amira. Mwana wodikira yankho sagona. Zoopsazo zichitike kumayambiriro, ikamakwana mphindi ya 4 Kalulu akhale atawoloka. Zotsalazo azingoyenda kupita kwawo: wadutsa asodzi a usipa akukonza nyali, mbuzi zalowa m'khola, nkhuku zakwera m'mtengo, aliyense amene akukumana naye akukagona. Chinanso, ndamva kadzidzi cha kumapeto. Chotsani. Kuno kadzidzi akalira usiku anthu amaganiza za maliro, agogo azimitsa foniyo mwana asanagone n'komwe. Achule ndi nkhululu akwanira.

Nangozo: Kadzidziyo tinamutenga pa mawu a pa intaneti, achoka lero lomwe. Zosuntha Mvuu ndiye kulembanso theka la nthano, aphunzitsi, koma ndamva. Nanga liwiro? Mayi anawerenga mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndichedwetse ndi Change Tempo?

Che Bwanali: Pang'ono pokha zimatheka, koma mukakoka kwambiri mawu amayamba kunjenjemera ngati munthu akulankhulira m'chitini. Poti mukulembanso, jambulaninso. Kuchedwa kwenikweni kuli m'mipata, osati kukoka mawu. Poyamba mpata pakati pa ziganizo ukhale sekondi imodzi, pakati awiri, m'mphindi zitatu zomaliza atatu kapena anayi, ndipo ziganizo zizifupika. Musawauze mayiwo kuti anong'one. Kunong'ona kumachulukitsa mpweya ndi s zija, mafunde n'kuzimeza. Alankhule motsitsa koma ndi mawu awo enieni, maiki atalikirane ndi pakamwa ngati chikhato chimodzi, moyang'ana chammbali pang'ono kuti p ndi ph zisaphulike. Anyamata awiri aja amalize mbali zawo Kalulu akangowoloka. Kuchokera pamenepo mayi yekha azinena kuti "Kalulu anati", popeza liwu latsopano lililonse limautsa khutu.

Mbewe: Inenso phokoso landisautsa. Ndimajambulira kunyumba ku M'baluku, njinga zamoto sizitha, denga la malata likatentha limangoti the! the! Ndi Noise Reduction yomwe ingachotse zimenezi?

Achisale: Ambewe, funso la Anangozo ndi lina, koma ayi. Noise Reduction imachotsa phokoso losasintha ngati la fani. Njinga yodutsa ndi malata imazisiya. Jambulani usiku denga litazizira, mukolowekenso bulangeti kumbuyo kwanu.

Naphiri: Funso langa ndi la "tili tonse". Mwaika ana akuyankha mpaka kumapeto. Kunyumba agogo amadziwira pomwepo kuti ana agona, mayankho akayamba kuchepa. Koma ana a m'foni satopa, akuyankhabe mwamphamvu pa mphindi ya 11, ndipo mwana womvera naye amadzikakamiza kuyankha.

Achisale: Ndiye achotseretu, ikhale nkhani yongowerenga.

Nangozo: Ayi, popanda "tili tonse" si nthano. Ndikuganiza kuti ayankhe ana onse poyamba, kenako atsale awiri, kenako mmodzi woyasamula, Kalulu akamafika kwawo pasakhale woyankha.

Che Bwanali: Ine ndikadasiya kuyankhako pa mphindi ya 4 pomwepo, koma yesani njira ziwirizo kwa amayi aja mumve. Kumapeto siyani mafunde okha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, muwatsitse ndi Fade Out yaitali. Ngati munajambula kachidutswa kakafupi n'kumakabwereza, mverani polumikizira, funde likaduka pakati limamveka. Potulutsa, MP3 ya mono pa 64 kbps ikwanira. Mphindi iliyonse ndi pafupifupi theka la MB, ndiye mphindi 15 ndi cha pa 7 MB, bandulo ya kholo siilira kwambiri. Musanatumize mverani pa foni ya mabatani, mutaiika pa mphasa, chitseko chotseka.

Mbewe: Nanga ikatha? Kwathu nthano zili pa memole khadi limodzi ndi nyimbo. Fayilo ikangotha foni imalumphira pa nyimbo yotsatira, ya dansi, voliyumu ili pamwamba.

Che Bwanali: Limenelo Audacity silitha. Ena amawonjezera mphindi zingapo za zii kumapeto kuti kholo lipeze mpata wozimitsa, koma kholo likagona limodzi ndi mwana nyimboyo ibwerabe. Kuika nthano m'foda yakeyake kumathandiza pa mafoni ena, ena amasakaniza zonse.

Nangozo: Ndiyesa foda pa mafoni a amayi aja. Mayi wosimba abwera Loweruka usiku tijambulenso. Aphunzitsi, ndikutumizirani zolembazo Lachinayi muone ngati Kalulu wawoloka msanga.