Denn, weil ndi deshalb: n'chifukwa chiyani mneni sakhala malo amodzi?

Nachisale:
Abale anga apagulu, ndithandizeni. Ndikukonzekera mayeso a Chijeremani a B1 ndipo aphunzitsi anga andilembera kalata atachonga ntchito zanga za mwezi wathunthu. Akuti mawu ndimawadziwa, koma vuto lomwe likubwerabwera ndi malo a mneni. Andipatsa ziganizo zitatu zochokera mu ntchito imodzi.

Ine ndinalemba: Ich bin nicht gekommen, weil ich war krank. Iwo akonza: weil ich krank war.
Ndinalembanso: Ich war krank, deshalb ich bin nicht gekommen. Akonza: deshalb bin ich nicht gekommen.
Chachitatu ndinalemba: Ich bin nicht gekommen, denn ich war krank. Apa alemba kuti zili bwino, ndisasinthe kanthu.

Ndiye mutu wanga waima. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi, kuti sindinabwere chifukwa ndimadwala. Nanga bwanji mneni akupita kumapeto apa, pena akudumpha ich, pena sakusuntha n'komwe? Ndikumana nawo Loweruka, koma ndikufuna ndikafike nditamvetsako.

Bambo a Tadala:
Achemwali, musayang'ane tanthauzo, yang'anani mipando. M'chiganizo choima pachokha, mneni amene amasintha molingana ndi wochitayo amakhala pa mpando wachiwiri. Tikati mpando sitikuwerenga mawu: Am Montag ndi mawu awiri koma mpando ndi umodzi, n'chifukwa chake timati Am Montag arbeite ich.

Tsono deshalb amabwera n'kukhala pa mpando woyamba. Wachiwiri ndi wa bin, sungaperekedwe kwa wina, choncho ich amasunthira pa wachitatu. Dann ndi trotzdem amachitanso chimodzimodzi. Denn satenga mpando uliwonse, amangoima pakhomo kulumikiza ziganizo ziwiri. Mukamudutsa mumayamba kuwerenga mwatsopano: ich woyamba, war wachiwiri. Anzake ndi und, aber, oder ndi sondern. Weil ndi wa mtundu wina. Amatsegula nthambi yosaima payokha, ndipo mu nthambi yotereyi mneni amapita kumapeto, monganso ndi dass, wenn ndi ob.

Ndinaphunzitsako anthu angapo akwathu ndipo cha deshalb chimativuta kwambiri. M'Chichewa timati "lero ndikupita", ndi- wamatirira ku mneni. Ndiye m'mutu mwathu ich bin amamveka ngati liwu limodzi losadulika.

Chimwemwe wa ku Bremen:
Ine ndili kuno chaka chachiwiri, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kunena zoona aphunzitsi anu akungokhwimitsa zinthu. Eni chilankhulo amanena weil ich war krank tsiku lililonse, ndimawamva ndekha pa nthawi yopuma. Lamulolo linatha kale.

Bambo a Tadala:
A Chimwemwe, makutu anu sakukunamizani, pocheza amanenadi, makamaka akapumira pang'ono pambuyo pa weil. Koma lamulo silinathe. Polemba kalata kapena pa mayeso limawerengedwa ngati cholakwa. Ndiponso yesani kuyamba ndi nthambiyo: Weil ich krank war, bin ich nicht gekommen. Apa ngakhale anzanu akuntchito sanganene Weil ich war krank. Onaninso kuti pambuyo pa mpatuliro pakubwera bin, osati ich, chifukwa nthambi yonseyo yatenga mpando woyamba.

Nankhoma:
Pepani kulowerera, kodi mayeso amenewa mukalembera kuti, ndipo ndi ndalama zingati? Mwana wanga akufuna kuyamba chaka chamawa.

Nachisale:
Amayi, ndikulemberani kumbali. Bambo a Tadala, zikomo kwambiri, za mipando zalowa. Ndayesa ichi: Ich komme nicht, weil ich muss morgen arbeiten. Arbeiten ali kumapeto, ndiye ndakhoza?

Bambo a Tadala:
Mwatsala pang'ono. Wopita kumapeto ndi amene amasintha mukasintha wochitayo. Ikani du m'malo mwa ich: muss asanduka musst, arbeiten sasintha. Ndiye muss ndi amene atsekere: weil ich morgen arbeiten muss. Chiyeso chimenechi chimagwiranso pa nthawi yakale: weil ich gestern gearbeitet habe.

Chimwemwe wa ku Bremen:
Chabwino, pa kulemba ndavomera. Koma pakalata ina ya kuntchito ndinaona weil ich habe arbeiten müssen. Habe sali kumapeto. Nanga apa?

Bambo a Tadala:
Chimenecho n'cholondola. Aneni awiri osasinthidwa akatsatizana kumapeto, habe amabwera kutsogolo kwawo. A Nachisale, pakadali pano chizembeni polemba weil ich arbeiten musste, tanthauzo ndi lomwelo.

Nachisale:
Ndalemba zonse m'kope. Chomwe chikundisowetsabe mtendere n'chakuti polemba ndimakhala ndi nthawi yowerenga mipando, koma poyankhula weil akangotuluka, mneni watuluka kale ndisanaganize. Alipo amene anathana nalo vuto limeneli asanalowe mayeso oyankhula?