"Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada", ankolo akutanthauza chani apa?

Wamandasi: Abale ndithandizeni. Ndinaponya vidiyo ya kaphikidwe ka mandasi pa YouTube ndiye ndinalemba komenti yoyamba nkuipina pamwamba. Ndinaikamo mawu onse amene anthu amasaka, mandasi, mandazi, zitumbuwa, zigumu, madonasi, bizinesi ya mandasi, kenako malinki atatu, mahashitagi ndi kupempha kuti asabusikiraibe. Sabata yonse palibe wayankha kupatula ankolo anga amene angolemba mwambi uwu basi. Akunditukwana kapena? Komanso chagada nchani kwenikweni

Mlongo wa ku Joni: Mwambiwo ngwabodza kkkk pusi sagwa chagada, wathu amagwa padenga koma amafikira miyendo

Aphunzitsi opuma: Ayi mayi, si pusi wa mphaka ameneyo. Ndi pusi wa m'tchire, m'bale wake wa nyani uja amaba chimanga. Kugwa chagada ndi kugwera kumsana nkhope kuyang'ana kumwamba, ukagwera pamimba timati chafufumimba. Pusi ali mumtengo wagwira chipatso, waona china patsogolo akuti ichinso, china uko ichinso, mpaka manja onse ali ku zipatso palibe logwira nthambi. Ankolo anu sakutukwana mwanawe. Akuti komenti imodzi mwaituma ntchito zisanu.

Wamandasi: Zikomo bambo, koma nanga mawu osakirawo ndisaike? Ndinamva kuti ndi amene amakweza vidiyo

Mjomba Editi: Amakwezadi, ikani ambiri heavy, kungoti muwabise pansi pomwe pamadulidwa ndi Read more anthu asawaone

Mayi wa nkhuku: Apo ndakana achimwene. Chimene YouTube imanena poyera nchoti posaka imayang'ana mutu wa vidiyo, description ndi zimene zili muvidiyomo, ngakhale ma tags amati amangothandiza pang'ono makamaka pa mawu amene anthu amalakwitsa sipelo, ngati mandasi ndi mandazi wanuyo. Ndiye mndandandawo malo ake si mu komenti. Komanso zitumbuwa ndi zigumu mulibe muvidiyo yanu, munthu wofuna zitumbuwa akafika nkupeza mandasi amatuluka pompo.

Komenti yopina amaiwerenga ndi munthu amene wafika kale, ndipo pa foni amangoona mizere yoyambirira yokha. Akaona mawu ondondozana opanda chiganizo, malinki ndi mahashitagi, diso lake lidazolowera kuti awa ndi aja a "tumizani ndalama mupindule", amangodutsa osaona nkomwe kuti walemba ndi mwini tchanelo. Ine ndikanalemba chonchi:

"Ngati mandasi anu amamwa mafuta onani pa 3:40, oyambawo ndinawaponya mafuta asanatenthe dala kuti muone kusiyana. Inu mumafufumitsa ndi yisiti kapena bekingi paudala?"

Mwaona mandasi alimo, mafuta, yisiti, bekingi paudala, onse mawu osakira koma akhala mu chiganizo ngati munthu akuyankhula. Nthawiyo mukailemba choncho 3:40 imasanduka yodina, munthu amabwerera muvidiyo. Funso nlimodzi ndipo ndi loti munthu ayankha ndi liwu limodzi ali mu minibasi. Osati "mukuganiza bwanji abale", limenelo palibe amayankha, nlotakata ngati nyanja.

Wamandasi: Eeh koma pa 3:40 palibe zimenezo, kumwa mafuta ndinakufotokoza chakumapeto

Mayi wa nkhuku: Kkkk chinali chitsanzo, ikani nthawi yanu yeniyeni. Mukasintha komentiyo mubwerere mukaone ngati pini ikadalipo, ine inandichokapo nditakonza sipelo, masiku awiri ili pansi osadziwa. Ndipo pini ndi imodzi pa vidiyo, mukapina ina yoyambayo imatsika.

Mjomba Editi: Nanga linki? Munthu akugulitsa mandasi, maoda abwera bwanji

Mayi wa nkhuku: Imodzi yokha kumapeto, mutanena kuti ikupita kuti. Koma ngati ndi Shorts musavutike, kuyambira 2023 malinki a mu komenti za Shorts sadinika. Zoti mawu a mu komenti amakweza vidiyo posaka tizikanganabe, ine pa mavidiyo anga a nkhuku chimene ndimaona nchoti ndikafunsa za katemera wa chitopa anthu amayankhana okhaokha mpaka mawa.

Mjomba Editi: Ine anga ndimabisabe pansi ndipo maviwu akubwera

Aphunzitsi opuma: Kwathu ena mwambiwu amaunenera mwamuna wa zibwenzi zambiri, ndiye mufunse bwino ankolowo ngati amanena za komenti yokha.

Wamandasi: Kkkkk bambo inu. Ndasiya funso la yisiti lokha, linki ndachotsa. Ankolo ayankha kale kuti kwawo amaika soda