Msungichuma, msungi-chuma kapena msungi chuma: ndisindikize chiti?

Wosindikiza wa ku Kapata: Anzanga, ndithandizeni msanga. Ndili ndi kabuku ka msonkhano wapachaka wa kopaletivi ya alimi a nshawa, makope 300, ndipo akufuna Lachisanu. Alembi awo alemba "msungi chuma" patsamba 2, "msungi-chuma" patsamba 5, "msungichuma" kumapeto. Palinso "njinga yamoto" ndi "njingayamoto". Inki ndi pepala zakwera mtengo, sindingasindikize kawiri.

Wolemba zikwangwani wa ku Chadiza: Achimwene, kuno ku Zambia m'mabuku a sukulu timalemba c, osati ch. Lembani msungicuma basi.

Wosindikiza wa ku Kapata: Za c ndagwirizana nawo kale eni kabuku, asankha ch chifukwa mamembala ena ndi a kufupi ndi Mwami, anazolowera mabuku a ku Malawi. Langa ndi funso la mpata ndi kamzere.

Aphunzitsi opuma a ku Katete: Mwanawe, usaloweze mndandanda, yesa mawuwo pakamwa. Choyamba achulukitse. Msungichuma mmodzi, asungichuma awiri: chasintha ndi mutu wokha, chuma sichinagwedezeke. Koma njinga yamoto imodzi, njinga zamoto ziwiri: kusintha kwachitika pakati. Mawu amene akusintha m'mimba mwake sanamatane, asiye ndi mpata.

Kenaka yesa kulowetsa mawu ena pakati. "Njinga yanga yamoto" zimamveka bwino. "Msungi wathu chuma" palibe Mchewa angatero, timati msungichuma wathu. Ndiye lemba msungichuma pamodzi, njinga yamoto padera.

Mayi womasulira za chipatala: Ine ndimayendera tanthauzo. Tanthauzo likachoka pa zidutswa zake, ndimamata. Chiphadzuwa sichipha dzuwa, ndi mtsikana wokongola. Mthirakuwiri sathirira dimba, ndi munthu wodya uku ndi uku. Mwanaalirenji si funso, ndi chakudya chochuluka pakhomo. Mukalemba "mwana alirenji" mwafunsadi chifukwa choti mwana alirire, ndipo muika chizindikiro cha funso.

Aphunzitsi opuma a ku Katete: Amayi, pa atatuwo mwalondola, koma muyeso wa tanthauzo sukwana wokha. Msungichuma amasungadi chuma, mpalamatabwa amapaladi matabwa. Tanthauzo silinapite patali, komabe ndi mawu amodzi. Chimene ndimakhulupirira ine ndi mgwirizano wa mawu otsatira. Timati chiphadzuwa chija chafika. Palibe amati "chiphadzuwa lija", ngakhale dzuwa palokha limafuna "lija". Dzuwa lataya ufumu wake mkati mwa dzinalo, ndiye palibe chifukwa cholipatsa mpata.

Komabe mfundo yanu ili ndi malo. Msungi wa chuma angakhale aliyense amene wasungitsidwa ndalama lero, ngakhale agogo. Msungichuma ndi udindo wosankhidwa, wosaina kubanki. M'kabuku ka kopaletivi kusiyanako n'kofunika.

Wosindikiza wa ku Kapata: Zikomo aphunzitsi. Nanga kamzere ka patsamba 5 kachokera kuti? Alembi akuti iwo sanakaike.

Mnyamata wa pa kompyuta ku Lundazi: Amalume, ndikukayikira kuti anakopera m'kabuku ka chaka chatha. Mawu aatali akafika kumapeto kwa mzera amadulidwa ndi kamzere, ndipo munthu akakopera kuchokera mu PDF nthawi zambiri kamzereko kamabwera nawo, n'kukhala pakati pa mzera ngati kanabadwira pomwepo. Onani ngati mulibe ena odulidwa pachabe. Mu Word dinani Ctrl+H, koma muziyenda ndi Find Next mmodzimmodzi, osati Replace All, kuti muzimata pokhapo akunena za udindo. Muzimitsenso Hyphenation, chifukwa kompyuta imadula mawu athu mwachingelezi.

Wosindikiza wa ku Kapata: Wanena zoona, ndapeza "ndondo-meko" patsamba lomwelo. Koma pali "pang'ono-pang'ono" kawiri. Ameneyunso ndimate?

Mayi womasulira za chipatala: Ameneyo ndi wina, ndi mawu obwereza. Ndaona mabuku ena akuika kamzere, ena akulemba pang'onopang'ono. Pa mapepala a odwala ndimasiya kamzere chifukwa amene amawerenga movutikira amaona pomwe mawu ayambiranso. Sankhani chimodzi, chikhale chomwecho kabuku konse.

Wolemba zikwangwani wa ku Chadiza: Aphunzitsi, muyeso wanu wandisokoneza pa chikwangwani chomwe ndili nacho pano. Mwini munda mmodzi, eni minda ambiri, zonse ziwiri zasintha, ndiye mpata. Koma "mwini wathu munda" sizitheka, ndiye kumata. Nditsate uti?

Aphunzitsi opuma a ku Katete: Apo miyeso yanga yakangana, sindikubisa. Ine ndimalemba mwini munda ndi mpata, chifukwa mwini amayenda ndi dzina lililonse: mwini nyumba, mwini ngolo, mwini ng'ombe. Koma mwinimudzi ndimamata, poti ndi udindo.

Mayi womasulira za chipatala: Ine mwini mudzi ndimalekanitsabe, aphunzitsi. Pochuluka mungalembe "enimidzi"?

Wosindikiza wa ku Kapata: M'kabuku kanga mawu amenewo mulibe. Ndakonza msungichuma malo 7, njinga yamoto malo 3. Kope loyesera ndipita nalo kwa alembi mawa m'mawa asaine ndisanayatse makina.