Waifai ya pa nyumba ikutha bwanji tisanafike pa 20?

Nangozo wa ku Highfield: Abale mwaswera bwanji kuno ku gulu, ndithandizeni nzeru chifukwa pa nyumba pathu pafika povuta. Timakhala anthu 7 aku mudzi okhaokha, timasonkherana kugula 100GB ya waifai mwezi ulionse ndipo kale imatifikitsa kumapeto, koma miyezi iwiriyi ikutha pa 18 kapena 19. Dzulo usiku ndimaimbira amayi ku Dedza pa WhatsApp mawu akungodukaduka mpaka anadula okha, anthu pano ayamba kulozana zala ndipo ena sakupatsananso moni.

aMbewe kalipentala: Achemwali pamenepo aneba akukuberani basi, pasiwedi ikangodziwika ndi mwana mmodzi mzere onse wa nyumba umalowa. Sinthani lero lomwe.

Nangozo wa ku Highfield: Tinasintha kale kawiri aMbewe, ndipo ndinalowa mu rauta ndi kuwerenga, muli mafoni 7, laputopu imodzi ndi TV basi, wachilendo mulibe.

aPhiri okonza mafoni: Ndiye wakuba ali m'thumba mwanu momwemo mayi. Foni ikaona waifai imayesa kuti ndi yaulere, zonse zomwe imazisunga masana poopa kutha bandulo yanu imadikira ifike pa nyumba kuti izichite, maapudeti a maapu, kukweza zithunzi ndi mavidiyo ku Google Photos, bakapu ya WhatsApp. Zambiri mwa izi zimakonda kuyamba foni ili pa tchaja. Ndiye taganizani mmene timakhalira kuno, magetsi akabwera usiku rauta imayaka, aliyense amathamangira kutchaja, mafoni onse 7 amayamba ntchito nthawi imodzi eni ake ali mtulo. Ndifunse, alipo wagula foni yatsopano kapena wabwera kuchokera kumudzi miyezi imeneyi?

Nangozo wa ku Highfield: Eee alipo, mlamu wanga anapita ku ukwati ku Ntcheu anabwera ndi mavidiyo odzadza foni, ndipo foniyo ndi yatsopano anagula asananyamuke. Koma iye akulumbira kuti saonera zinthu pa intaneti ndipo ndi zoona, amabwera atatopa amangogona.

aPhiri okonza mafoni: Sakunama ayi. Potsegula foni yatsopano imafunsa zambiri ndipo tonse timangodina kuvomera, penapo ndi pomwe bakapu ya zithunzi imayatsidwa. Vidiyo ya mphindi imodzi yojambula bwino imatha kufika 100MB, ukwati wa maola awiri ndi 10GB kapena kuposa, ndipo kukweza kumawerengedwa pa bandulo chimodzimodzi ndi kutsitsa, anthu ambiri sadziwa zimenezi. Chinanso njira yokwezera imakhala yopapatiza kuposa yotsitsira. Tinene kuti yanu ikukweza pa 2Mbps, pa ola limodzi imadutsa pafupifupi 900MB, ndiye 10GB ija ikufuna maola 11 njira itatsekeka. Nchifukwa chake amayi ku Dedza samakumvani, mawu anu amakhala pa mzere kumbuyo kwa mavidiyo a ukwati. Chizindikiro chake nchimenecho, inu mukuwamva bwinobwino koma iwo akungoti halo halo.

Nangozo wa ku Highfield: Ndendende!! ine ndimawamva iwo samandimva

aPhiri okonza mafoni: Musakangane, khalani pansi madzulo aliyense atsegule foni yake. Pa Samsung ndi Settings, Connections, Data usage, kenako Wi-Fi data usage, imaonetsa apu iliyonse ndi zomwe yadya. Pa Tecno ndi itel mayina amasiyanako, lembani data usage pofufuzira mu Settings muipeza. Lembani manambala pa pepala muphatikize.

Che Yusufu wa ku Epworth: Pepani ndilowerere, inenso yanga ikutha msanga, ndikagula 1GB mmawa pofika masana yapita ndili mu kombi osakhudza foni nkomwe

aMbewe kalipentala: Che Yusufu imeneyo ndi data ya mu laini, pano tikukamba ya rauta ya pa nyumba

Che Yusufu wa ku Epworth: Aaa ndamva, koma aPhiri mundiyankhe ku inibokisi chonde

Nachisale wa ku Avondale: Ine ndinene za laputopu ija chifukwa zinandionekera. Mwana wanga anapatsidwa laputopu yakale ndi abwana anga, inali itakhala mu kabati chaka osayatsidwa, tsiku lomwe anailumikiza inayamba kutsitsa maapudeti a Windows usiku onse ndipo mmawa bandulo inali itaphwa ngati madzi a mu ndowa yobooka. Mnyamata wina wa kutchalitchi ndi amene anandionetsa, mumalowa Settings, Network & internet, Wi-Fi, mudine dzina la waifai yanu ndi kuyatsa Metered connection. Kuchokera pamenepo inakhazikika.

aPhiri okonza mafoni: Mayi Nachisale anena zoona, kungoti siyimitsa zonse, maapudeti ena ofunika kwambiri a chitetezo amatha kudutsabe koma aakuluwo amadikira. Maapudeti a Windows amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi ulionse, ndiye mukaona data yagwa kwambiri sabata imeneyo yang'anani laputopu. Ndipo batani lomwelo lilipo pa foni, ndi lomwe ndimafuna mulidziwe. Pa Android dinani kagiya ka pambali pa dzina la waifai, mupeze Metered network kapena Network usage ndi kusankha Treat as metered. Pa iPhone ndi Settings, Wi-Fi, ka i ka pambali, muyatse Low Data Mode. Mukatero foni imayamba kuisamala waifaiyo ngati bandulo yomwe mwagula nokha. Kenako mu Play Store, Settings, Network preferences, Auto-update apps, sankhani Don't auto-update apps, ndipo pa WhatsApp mu Chat backup zimitsani Include videos.

Nachisale wa ku Avondale: Koma aPhiri apa ine ndikukana pang'ono. Kuzimitsa bakapu ndi zoopsa kwa ife a kunja kuno, mng'ono wanga anamusolola foni mu tauni zithunzi zonse za maliro a bambo athu zinapita, chithunzi cha pasipoti ndi pemiti chomwe, bakapu anali atazimitsa poopa data yomweyi. Mpaka lero amalira.

aPhiri okonza mafoni: Pepani kwambiri mayi, ndipo sindikuti muzimitsiretu. Mauthenga ndi zithunzi za mapepala ndi zazing'ono, zisiyeni zizikwera, olemera ndi mavidiyo. Mu Google Photos sankhani Storage saver osati Original quality, zimachepako. Koma dziwani kuti mukaika Treat as metered bakapu imatha kuima osakuuzani, ndiye mugwirizane tsiku limodzi, mwina masiku awiri omaliza bandulo isanathe ntchito ngati yatsalako, aliyense atsegule mmodzimmodzi achite maapudeti ndi bakapu yake. Apu ya ku banki ndi yotumizira ndalama kumudzi musaisiye miyezi osaichita apudeti.

aMbewe kalipentala: Ine ndikuonabe kuti TV ija mukuisiya dala, ana akayatsa YouTube tsiku lonse mumati idya chani

Nangozo wa ku Highfield: Abale tawerenga usiku uno. Foni ya mlamu Google Photos yokha 14GB, iye mpaka anagwira pakamwa. Laputopu 9GB, Play Store pa mafoni onse pamodzi 6GB, ndipo ineyo amene ndimadandaula WhatsApp yanga yadya 5GB chifukwa mavidiyo a m'magulu a tchalitchi amangotsika okha, ndazimitsa mu Storage and data. Komabe tikaphatikiza zonse ndi zoonera zathu zikufika 71GB basi, pafupifupi 30GB sitikuiona komwe yapita ndipo TV ilibe poonetsa.

aPhiri okonza mafoni: Marauta ena amaonetsa chipangizo chilichonse ndi zomwe chadya, ena ayi. Yanu ndi ya mtundu wanji? Jambulani kapepala ka kunsi kwake koma mubise pasiwedi ndi chala musanatumize muno.

aMbewe kalipentala: Ichotseni TV pa waifai sabata imodzi muone